Kusankha pulinta ya 3D yoyamba kuno kuchigwa cha Shire: felemu, Bowden kapena dayirekiti

Wogulitsa mapulinta a 3D otsika mtengo amayamba kukuonetsani liwiro: mamilimita 250 pa sekondi, ena 500. Kwa ife okhala ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula kapena ku Nsanje, nambala imeneyi ndi yomaliza kuiganizira. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, magetsi amazima osatsanzika, ndipo kachitsulo kakang'ono kakawonongeka sungakapeze pa Dyeratu, mwinanso ngakhale utakwera Thabwa mpaka ku Limbe. Pulinta yoyenera kugula ndi imene ingapirire zinthu zitatu zimenezi, ndipo maganizo anga ndi akuti ikhale yosatsekedwa m'bokosi, ya felemu yachitsulo yolimba, yokankha filamenti, pulasitiki imene imagwiritsa ntchito, kuchokera pamutu pomwe, chigawo choyenda chimene chimatulutsa pulasitikiyo. Zifukwa zake zimaoneka bwino tikatsatira ntchito imodzi kuyambira pachiyambi.

Tiyerekeze mnyamata wokonza mafoni pa Ngabu amene akufuna kuyamba kupanga zogwirira foni pa chiwongolero cha njinga zamoto za kabaza. Chiwongolero cha njinga zambiri zimenezi ndi paipi ya mamilimita pafupifupi 22. Chogwirira chili ndi mbali ziwiri: chomangira cholimba chimene chimakumbatira paipi ndi kugwira foni, ndi kamphira kofewa ka m'kati koletsa kuterera ndi kuchepetsa kugwedezeka pa msewu wa mabampu. Chinthuchi chidzakhala padzuwa tsiku lonse pa siteji. Apa ndi pamene pulinta imayamba kusankhidwa, tisanayang'ane ndi dzina la kampani lomwe.

Filamenti ndi ulusi wa pulasitiki wa mamilimita 1.75 umene pulinta imasungunula n'kumausanjikiza mzere pamwamba pa mzere. Yotchuka kwambiri kwa oyamba kumene ndi PLA, chifukwa siivuta: imasungunuka pa madigiri 190 mpaka 220 ndipo imamata bwino pa bedi, mbale yotenthetsedwa imene chinthu chimapangidwirapo. Vuto lake ndi lakuti chinthu chopangidwa ndi PLA chimayamba kufewa chikafika madigiri pafupifupi 60. Pulasitiki yakuda imene yakhala padzuwa la Ngabu masana, itamangidwa ndi bawuti pa chitsulo chotentha, imayandikira malire amenewo mosavuta, ndipo chomangira chimayamba kulekerera pang'onopang'ono mpaka foni ya munthu igwe mumsewu. Choncho mnyamata uja afunika PETG, imene imapirira mpaka madigiri pafupifupi 80 koma imafuna kuti nozulo, kansonga kachitsulo kotulukira pulasitiki yosungunuka, itenthe madigiri 230 mpaka 250. Pa kamphira ka m'kati afunika TPU, filamenti yofewa yopindika. Mitundu iwiri imeneyi ndi imene ikuyankha funso la Bowden ndi dayirekiti.

Pulinta iliyonse ili ndi mota imene imakankha filamenti ndi kagiya ka mano kupita ku nozulo yotentha. Pa njira ya Bowden, mota imeneyi imamangidwa pa felemu, ndipo filamenti imayenda m'kapaipi koyera ka PTFE kotalika masentimita 30 kapena 40 isanafike kumutu. Pa njira imene ogulitsa amalemba kuti `Direct Drive`, imene ndiziitchula kuti dayirekiti, mota imakhala pamutu pomwepo, masentimita ochepa pamwamba pa nozulo. Bowden inapangidwa ndi cholinga chabwino: mutu wopanda mota ndi wopepuka, umatha kuthamanga ndi kutembenuka popanda kugwedeza makina. Creality Ender 3 ya mu 2018, imene inafalikira padziko lonse, ndi ya Bowden, ndipo yapanga zinthu zambiri zabwino.

Koma taganizani za kebulo ya buleki ya njinga yakapalasa. Waya akamayenda m'chikopa chake pamakhala kampata, ndipo mukagwira buleki, gawo loyamba la kukoka limathera m'kampata kameneko labala isanakhudze limu. Filamenti ya mamilimita 1.75 imayenda m'kapaipi ka mamilimita 2 m'kati, ndipo siikokedwa, imakankhidwa, ndiye imapindikapindika m'kampatamo. Mota ikakankha, pulasitiki imachedwa kutuluka. Mota ikaima, pulasitiki imapitiriza kudontha. Pofuna kuletsa kudonthako mutu ukamadumpha kuchoka pamalo ena kupita pena, pulogalamu yokonzera ntchito, monga Cura kapena OrcaSlicer, imauza mota kuti ibweze filamenti m'mbuyo pang'ono. Mu Cura muyeso umenewu umatchedwa `Retraction Distance`. Pa Bowden pamafunika mamilimita 4 mpaka 7, pamene pa dayirekiti theka la milimita mpaka mamilimita 2 zimakwana. Ndi PLA kusiyanaku mukhoza osakuona. Ndi PETG, imene mwachibadwa imakonda kusiya timaulusi pakati pa mbali za chinthu, mudzakhala mukuyesa ndi kuyesanso. Ndi TPU ndiye nkhani ina: filamenti yofewa ikakankhidwa mtunda wautali chonchi imafinyika, kenako imapeza mpata pafupi ndi giya n'kutulukira m'mbali, n'kudzikulunga pamenepo mutu ukungoyenda wopanda kanthu. Alipo amene amakwanitsa kupulinta TPU yolimbirako, ya 95A, pa Bowden, poyendetsa pang'onopang'ono kwambiri ndi kuzimitsiratu kubweza m'mbuyo. Kwa munthu wofuna kupanga timphira makumi awiri pa sabata, njira imeneyo ndi yotayitsa nthawi.

Pali vuto lachiwiri la Bowden yotsika mtengo limene ogulitsa satchula. Pa mapulinta ngati Ender 3 yakale, kapaipi ka PTFE kamalowa m'mutu mpaka kukagunda nozulo yeniyeniyo. PTFE siyenera kukhala nthawi yaitali pa madigiri opitirira 240 kapena 250, ndipo PETG imapulintidwa pa malire pomwepo. Pakapita masabata, nsonga ya kapaipi imada, imafota, ndipo pakati pa iko ndi nozulo pamatseguka kampata m'mene pulasitiki imaunjikana. Mumadziwa pomva mota ikulira kuti tha tha tha, giya ikudumpha, pansi pake pakugwa fumbi la filamenti yokukutidwa, ndipo makoma a chinthu akutuluka ndi mabowo. Kukonza kwake ndi kudula nsonga yopsayo mowongoka bwino, kubwezera kapaipi mpaka kagunde, ndi kumanga nozulo ili yotentha. Si ntchito yovuta, koma imabwerezabwereza, ndipo kachitsulo kogwira kapaipi pamwamba, kamene kamagulitsidwa ndi dzina la `PC4-M10`, kakatha mano kamasiya kapaipi kakusewera. Dziwani kuti mapulinta ena a dayirekiti nawonso ali ndi kachidutswa ka PTFE m'khosi mwa mutu. Ngati wogulitsa walemba `All-Metal Hotend` kapena kuti mutu umafika madigiri 300, ndiye kuti khosi ndi lachitsulo. Akalemba 260, funsani.

Dayirekiti ili ndi zovuta zake, ndipo imodzi ikutikhudza ifeyo kwambiri. Pamwamba pa nozulo pali kachitsulo ka mapiko ndi kafani, ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti filamenti ikhale yolimba mpaka ifike posungunukira. Kafani kameneka kamagwiritsa ntchito mpweya wa m'chipinda. M'chipinda cha malata pa Bangula masana, mpweya umenewo uli kale pa madigiri 40, ndipo PLA imafewa pa 60. Kutentha kumakwera m'khosi, filamenti imatupa isanafike pansi, n'kutseka njira. Pa dayirekiti, mota imene ili pomwepo imatenthanso n'kuotcha giya. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchizindikira: ntchito imayamba bwinobwino, pakatha ola limodzi kapena awiri pulasitiki imasiya kutuluka, ndipo mukasolola filamenti mupeza nsonga yake yatupa. Mankhwala ake ndi kupulinta PLA usiku kapena m'mamawa, kuchepetsa kubweza m'mbuyo, ndi kuloza fani yapanyumba ku mota ndi ku bokosi la mawaya, osati pa bedi. PETG, popeza imafewa mochedwa, siikhudzidwa kwambiri ndi vutoli, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene ndimaikondera kuno.

Kutentha komweku ndi kumene kumathetsa nkhani ya felemu. Mapulinta otsika mtengo ambiri ndi a mtundu umene bedi limayenda kutsogolo ndi kumbuyo, mutu umayenda kumanja ndi kumanzere, ndipo mtanda wonyamula mutu umakwera m'mwamba pa mizati iwiri. Kapangidwe kameneka kanatchuka ndi Prusa i3 ya Josef Prusa ya mu 2012, yochokera m'ntchito ya RepRap imene Adrian Bowyer anayambitsa pa yunivesite ya Bath. Ubwino wake ndi wakuti chilichonse chili poyera: malamba awiri, mota iliyonse ndi njira yake, ndipo chikalakwika mumaona ndi maso kuti chalakwika ndi chiti. Kufooka kwake ndi kwakuti chinthu chimene chikupangidwa chimagwedezeka pamodzi ndi bedi, ndiye chinthu chachitali chopyapyala chimayamba kunjenjemera kumtunda, ndipo mizere imasokonekera. Chogwirira foni cha mnyamata wathu chimagona chafufumimba pa bedi, msinkhu wake sufika masentimita anayi, choncho kufooka kumeneku sikumukhudza n'komwe.

Mtundu wachiwiri ndi CoreXY. Felemu yake ndi bokosi, mutu umayendetsedwa ndi malamba awiri ataliatali olumikizana, ndipo bedi limangotsika pang'onopang'ono. Ndi yolimba, imathamanga bwino, ndipo mitengo yake yatsika zaka zapitazi. Koma yambiri imabwera yotsekedwa ndi magalasi, chifukwa inakonzedwera filamenti ngati ABS imene imafuna mpweya wotentha kuti isang'aluke. Ife mpweya wotentha tili nawo kale wokwanira. Mukagula yotsekedwa mudzalipira bokosi limene mudzakhala mukulitsegula chitseko ndi kuchotsa chivindikiro nthawi zonse. Ndiponso malamba ake awiri akasiyana kukungika, bwalo limatuluka lopendekera, ndipo woyamba kumene amavutika kupeza chifukwa. Wachitatu ndi delita, ya mikono itatu yolendewera ndi bedi lozungulira. Ndi yabwino pa zinthu zazitali, koma kuilinganiza kuti miyeso ituluke yolondola n'kovuta, ndipo zipangizo zake n'zosowa. Pa pulinta yoyamba, isiyeni.

Chimene chimafunika pa felemu si dzina la mtundu koma kulimba. Ikhale ya aluminiyamu kapena chitsulo. Mapulinta akale a felemu ya pulasitiki yagalasi, monga Anet A8, amapindika ndi kusweka pa mabawuti, ndipo ngakhale wina akugulitseni motchipa musatenge. Mukaiona pulinta ndi maso, gwirani pamwamba pa mizati n'kukankha pang'ono: isasewere. Gwirani bedi ndi mutu n'kuyesa kuzipendeketsa. Pa mapulinta oyenda ndi timatayala tapulasitiki m'ngalande za aluminiyamu, kusewera kumachotsedwa ndi nati ina yokhota pakati imene ili pa tayala limodzi. Mumaitembenuza ndi sipanala mpaka tayala lisazungulire lokha mukaligwira ndi zala, osapitirira pamenepo, chifukwa mukamanga kwambiri tayala limadyeka. Fumbi la chilimwe limadya timatayala timeneti msanga, ndiye kupukuta ngalande ndi kansalu kouma ndi kuphimba pulinta ikazima ndi mbali ya ntchito. Ndipo popeza mutu wa dayirekiti ndi wolemera, funani pulinta imene mtanda wake umakwezedwa mbali zonse ziwiri, imene amalemba kuti `Dual Z`, kuti mbali imodzi isagwe. Mapulinta ang'onoang'ono a mzati umodzi, monga Bambu Lab A1 mini ya mamilimita 180 mbali zonse, amalimba chifukwa mtanda wake ndi waufupi. Bedi la 180 kapena 220 likukwana pa ntchito ngati ya mnyamata uja. Bedi la 300 limadya magetsi ambiri ndipo limavuta kulinganiza.

Tsopano magetsi, amene kwa ife si nkhani yapambali. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Mapulinta ambiri amalengeza kuti amapitiriza ntchito magetsi akabwera, ndipo n'zoona kuti amakumbukira pamene anasiyira. Koma chimene chimagwira chinthu pa bedi ndi kutentha kwa bedilo. Magetsi akazima maola atatu bedi limazizira, chinthu chimamatuka chokha, ndipo mutu ukabwerera umangochikankha. Choncho luso limeneli limathandiza pa kuzima kwa mphindi zochepa basi, ndipo pamalo pamene inaimira pamatsala mzere wofooka. Pa chomangira chonyamula foni ya munthu, mzere wofooka ndi pamene chidzathyokere.

Njira yodalirika ndi batire ndi invata, ndiye tiwerengetsere. Pulinta ya bedi la 220 ili ndi chosinthira magetsi cha mawati pafupifupi 350, ndipo imayandikira pamenepo mphindi zoyambirira ikamatenthetsa bedi ndi nozulo. Zikatentha imatsika, kawirikawiri kufika pakati pa mawati 100 ndi 150. Batire la mavoti 12 la 100Ah limasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma batire la asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye mwatsala ndi 600, ndipo invata imadyakonso gawo lake. Pa mawati 120, amenewo ndi maola pafupifupi anayi. Mnyamata wathu akaika zomangira zisanu ndi chimodzi pa bedi nthawi imodzi, ntchito ya usiku wonse, batire silingamufikitse. Akamapanga chimodzi kapena ziwiri pa ulendo, magetsi akazima amamaliza chimene chili pa bedi, ndipo zikavuta wataya chimodzi chokha. Invata ikhale ya mawati osachepera 500 chifukwa cha mphindi zoyambirira zija. Chinthu china musanalumikize koyamba: mapulinta ambiri ali ndi kaswichi kofiira m'mbali kolembedwa `115V` ndi `230V`. Magetsi athu ndi a 230. Pulinta yochokera ku msika wa ku America ikhoza kufika ili pa 115, ndipo mukaiyatsa choncho imapsa nthawi yomweyo.

Pa zina zimene amalengeza, zoyenera ndalama ndi zochepa. Kachipangizo koyeza bedi popanda munthu, monga `CR Touch`, n'kofunika, chifukwa ntchito zambiri za oyamba kumene zimalephera pa mzere woyamba: nozulo ikatalikira pulasitiki siimata, ikayandikira kwambiri imakanda. Mbale yachitsulo yopindika ya PEI, yogwira ndi maginito, iposa galasi. Pa PETG sankhani yokhakhala, chifukwa pa yosalala PETG imamata mopitirira mpaka kusenda mbaleyo. Chitetezo chozimitsa makina waya woyeza kutentha akasololoka chisasowe: mapulinta atsopano ali nacho, koma ena akale anatuluka chili chozimitsidwa, ndipo amenewo ndi amene anayambitsa moto m'nyumba za anthu. Pulinta ithenso kugwira ntchito kuchokera pa khadi la SD kapena fulashi popanda intaneti. Kamera, sikirini yogwira ndi chala, ndi makina osintha mitundu ya filamenti zikhoza kudikira. Osintha mitunduwo amatayanso filamenti yambiri pa kusintha kulikonse, ndipo filamenti kuno imachokera kutali.

Ndikayika zonsezi pamodzi, pulinta ngati Ender 3 V3 SE ya mu 2023 ikuonetsa mtundu umene ndikunena: bedi loyenda la 220, dayirekiti, choyeza bedi, mtanda wokwezedwa mbali ziwiri, ndipo inatuluka pa mtengo wa madola pafupifupi 200. Sindikunena kuti ndi yokhayo. Pa mtengo umenewo onjezerani wonyamulira ndi msonkho, ndipo musawononge ndalama yonse pa makina. M'katundu yemweyo muikemo manozulo angapo a bowo la mamilimita 0.4 ogwirizana ndi mutu wa pulinta yanuyo, chifukwa si onse amalowana, waya woyeza kutentha ndi chotenthetsera chake, mafani awiri a mavoti oyenera, ndi lamba wa `GT2` wa mamilimita 6. Kafani ka pamutu kakafa pulinta yonse yaima, ndipo kudikira kena kuchokera kunja ndi masabata.

Nanga wina akakupatsani Ender 3 yakale ya Bowden pa theka la mtengo? Ngati ntchito yanu ndi ya PLA ndi zinthu zokhala m'nyumba, monga zophunzitsira ana kusukulu kapena timabokosi ta mawaya, itengeni, chifukwa zipangizo zake ndi zimene zimapezeka kwambiri kuposa za pulinta ina iliyonse. Koma muiyese kaye. Yang'anani kamkono kapulasitiki kopanikiza filamenti pa giya, chifukwa kamakonda kusweka kunsi kosaoneka. Kenako yezani mamilimita 120 pa filamenti kuchokera pamene imalowera, ikani chizindikiro ndi cholembera, ndipo muuze pulinta ikankhe mamilimita 100, kaya pa sikirini yake nozulo ili yotentha, kaya ndi malamulo awa:

```
M109 S200
M83
G1 E100 F100
```

Patsale mamilimita 20. Pakatsala 22 ndi nkhani yongosintha muyeso. Pakatsala 35 kapena 40, giya ikuterera kapena mutu watsekeka, ndipo mtengo utsike.

Mnyamata wa ku Ngabu, ndi pulinta yake ya dayirekiti, angayambire apa: chomangira cha PETG pa nozulo ya 240 ndi bedi la 75, mizere ya msinkhu wa mamilimita 0.2, makoma anayi, atachigoneka kuti bwalo lokumbatira paipi lionekere kumwamba, chifukwa choncho ulusi wa pulasitiki umazungulira paipi ndipo bawuti ikamanga siilekanitsa mizere. Bowo alipange la mamilimita 26 kuti kamphira ka TPU ka mamilimita awiri kalowe. TPU aipulinte pa 225, pa liwiro la mamilimita 20 mpaka 30 pa sekondi, kubweza m'mbuyo kusapitirire milimita imodzi. Nyengo ya mvula ikafika, PETG ndi TPU zimamwa chinyezi cha mumpweya. Adzamva nozulo ikuthetheka ndipo khungu la chinthu lidzatuluka la timatuza. Filamenti aziisunga m'ndowa ya chivindikiro chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silika, ndipo imene yanyowa kale aiumitse maola anayi kapena asanu ndi limodzi pa madigiri pafupifupi 55, poiika pa bedi la pulinta yomweyo ataivindikira ndi katoni yoboola timabowo tiwiri pamwamba.